Mafolowa 2,161 atasowa usiku umodzi

Uthenga unalowa pa foni 6 koloko m'mawa Lachitatu, ine ndisanasukusule nkomwe. Sunali wa munthu ayi, unali wa kasikiripiti kanga komwe kamawerenga mafolowa a mapeji a makasitomala anga tsiku lililonse, ndipo kamangonditumizira uthenga pakakhala zachilendo basi. Kanati peji ya Instagram ya amayi ena ogulitsa zovala ku Limbe yachoka pa 18,412 dzulo kufika pa 16,251 lero. Anthu 2,161 kulibe. Ndinakhala kaye pa bedi nditagwira foni, chifukwa amayi amenewa ndimawadziwa bwino, nambala ya mafolowa amayiyang'ana asanamwe tiyi, ndiye ndinadziwa kuti isanakwane 7 andiyimbira.

Anayimbadi. "Achimwene, mwawachita chani anthu anga?" Moni panalibe. Ndinati madamu ndaziona, mundipatse mpaka Loweruka ndikuuzani chenicheni. Anati Loweruka ndi kutali, amafuna yankho pompo, komanso akuti mnzawo wawauza kale kuti peji yahakidwa. Ndinakana kunena chilichonse, osati chifukwa cha mwano koma chifukwa ndinapsapo kale pa nkhani ngati yomweyi, ndipo anandiwotcha ndi mzere umodzi wa khodi womwe ndinalemba ndekha ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi manyazi amenewo. Nthawi yomwe ndinkayamba ntchitoyi, sikiripiti yanga inkafunsa Instagram kudzera pa API yawo, khomo lomwe mapulogalamu amafunsirapo deta, n'kutenga nambala ya `followers_count`, n'kuyilemba mu shiti. Ndinalemba chonchi:

```python
n = data.get("followers_count", 0)
```

Kwa amene salemba khodi, mzerewu ukuti tenga nambala ya mafolowa, ukayisowa lemba 0. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndachenjera, kuti sikiripiti isamafe panjira. Koma tokeni ija imene Meta, eni ake a Instagram, amakupatsa, yomwe ili ngati kiyi wolowera, imakhala masiku 60 basi ngati sunayikonzenso. Yanga inatha ine osadziwa. Seva m'malo mopereka nambala inabweza uthenga wa vuto wokhala ndi `"code": 190`, kutanthauza kuti kiyi wako sakugwiranso ntchito, ndipo sikiripiti yanga mokhulupirika inalemba 0 pa mapeji onse, gilafu n'kugwa ngati munthu wagwera m'chitsime. Ndinatumizira kasitomala wina sikirinishoti ya gilafuyo ndili wefuwefu, iye anangotsegula peji yake pa foni n'kundiyankha kuti "bwanawe anthu alipo onse, wamwa chani?" Kuyambira tsiku limenelo sikiripiti ikalephera kuwerenga imasiya malo opanda kanthu, ndipo imanditumizira uthenga wina wosiyana wonena kuti sindinathe kuwerenga. Kusowa nambala ndi nambala ya 0 ndi zinthu ziwiri zosiyana, mukazisakaniza mudzalira maliro a munthu wamoyo.

Ndiye Lachitatu lija woyamba kumukayikira anali ine ndemwe. Sikiripiti yanga masiku ano imasunga yankho lonse la seva momwe labwerera, osati nambala yokha, pamodzi ndi nthawi yomwe inafunsa. Ndinatsegula fayilo ya m'mawa umenewo, munalibe uthenga wa vuto, munali nambala yeniyeni 16251 ndi ID ya peji yolondola. Izi za ID musazione zopepuka, ndinasinthanitsapo mizere iwiri mu shiti n'kumayerekeza peji ya malo odyera ndi ya saluni kwa masiku atatu. Ndinaonanso ngati dzulo lake sikiripiti inayendadi, poti imakhala pa laputopu yakale kunyumba ndipo magetsi akathima nthawi yaitali batire imatha, ndiye umapeza kuti chomwe ukuchitcha kugwa kwa usiku umodzi ndi kusiyana kwa masiku asanu. Inayenda, Lachiwiri 6 koloko, 18,412. Kenako ndinatsegula pejiyo pa foni yanga ngati munthu wamba, ndinaona 16.2K. Ndinafunsanso seva patatha ola, 16,253. Apa ndinapumira m'mwamba, vuto silinali m'nyumba mwanga.

Mwina wina afunsa kuti alamu ya sikiripiti yanga imadziwa bwanji kuti uku ndi kugwa kwenikweni, poti mafolowa amakwera n'kutsika tsiku lililonse. Poyamba ndinaika lamulo loti akachoka anthu 50 undiuze. Linali lamulo lopusa, peji ya anthu 900 ikataya 40 ndi ngozi koma alamu ili chete, pamene peji ya 60,000 imataya 50 Lolemba lililonse popanda chifukwa ndipo foni imangolira mpaka ndinayamba kusayiwerenga. Alamu imene wasiya kuyiwerenga ndi chimodzimodzi galu wouwa mwezi, tsiku lobwera wakuba sudzuka. Pano peji iliyonse ndimayiyeza ndi khalidwe lake lomwe. Ndimatenga kusintha kwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28 apitawa, n'kupeza nambala yapakati ndikazindandalika kuyambira yaing'ono, kenako n'kuona kuti masiku enawo amatalikirana nayo bwanji.

```python
d = lero - dzulo
m = median(masiku28)
mad = median(abs(x - m) for x in masiku28)
if d < m - 6 * mad and -d > max(30, 0.005 * dzulo):
    liza_alamu()
```

Sindigwiritsa ntchito avereji chifukwa tsiku limodzi lokha la mpikisano, lomwe peji inapeza anthu 700, limakoka avereji yonse n'kuwononga muyeso kwa mwezi wathunthu, pamene nambala yapakati siyisuntha ndi tsiku limodzi lamisala. Peji ya amayi aja inkakwera ndi anthu 9 pa tsiku, masiku ambiri kusiyana kwake kunali cha m'ma 6, ndiye mzere woyamba unali pa kutaya anthu oposa 27. Mzere wachiwiri ndi theka la peresenti koma osachepera anthu 30, pa iwo ndi anthu 92, ndipo alamu imalira pokhapokha mizere yonse iwiri yadutsidwa. Nambala 6 yochulukitsa ya mu khodi ija si ya m'buku lililonse, ndinayamba ndi 3 foni inkandisokosa, ndinakweza mpaka ndinapeza mtendere. Kugwa kwa 2,161 ndi 11.7 peresenti, kunadutsa mizere yonse ngati minibasi yothawa apolisi.

Koma alamu ntchito yake imathera pomwepo, imangoti kwagwa zinthu. Siyidziwa chifukwa, ndipo ine ndimakayikira aliyense wogulitsa pulogalamu yomwe akuti ikuuzani yokha kuti awa anali maakaunti a feki. Nambala yomweyo ya 2,161 ingabwere m'njira zitatu ngati vuto si la sikiripiti yako: eni ake a Instagram asesa maakaunti abodza, kapena makina awo asokonekera, kapena anthu enieni akwiya nawe n'kuchoka. Zonsezi zinachitikapo poyera. Mu Disembala 2014 Instagram inasesa maakaunti a sipamu, Justin Bieber anataya mafolowa pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo peji ya Instagram yeniyeniyo inataya oposa 18 miliyoni, amenewo sanabwerere. Twitter nayo mu Julayi 2018 inachotsa maakaunti otsekedwa pa chiwerengero cha mafolowa, Katy Perry ndi Barack Obama aliyense anataya oposa 2 miliyoni. Uko kunali kusesa. Koma mu Febuluwale 2019 manambala a Instagram anagwanso usiku umodzi, anthu onse n'kumati ayambanso kusesa, kenako kampaniyo inanena kuti ndi vuto la makina ndipo manambala anabwerera patangopita masiku ochepa. Mu Okutobala 2022 mwini wake wa Facebook, Mark Zuckerberg, anachoka pa mafolowa 119 miliyoni a pa Facebook pomwepo n'kutsala ndi osakwana 10,000, nalonso linali vuto la makina basi. M'mawa woyamba zonsezi zimaoneka chimodzimodzi pa gilafu, mzere wowongoka kenako phompho.

Ubwino woyang'anira mapeji ambiri ndi woti umakhala ndi mboni. Ine ndimawerenga mapeji 14 a Instagram, ndiye ndinawaika onse pa tebulo limodzi kuona usiku womwewo. Asanu sanasinthe chilichonse chachilendo. Asanu ndi atatu anatsika pang'ono, ena 0.2 peresenti, wamkulu pafupifupi 1 peresenti, zosafika poliza alamu pa ambiri a iwo koma ukawaona pamodzi umadziwa kuti usikuwo kunadutsa tsache. Ndiyeno peji ya ku Limbe yokha 11.7. Chithunzi chimenechi chinandiuza zambiri. Anthu enieni akakwiya ndi peji imodzi sangachokenso pa peji ya sukulu ya mkaka ndi ya garaja usiku womwewo, ndiye chinthucho chinachokera kwa Instagram. Ndipo kusiyana kwakukulu chonchi pakati pa mapeji kumanunkha kusesa, chifukwa tsache limatenga zambiri pomwe pali zinyalala zambiri. Komabe ndinangolemba kuti "zikuoneka ngati", sindinamalize.

Za anthu enieni ndinazitaya msanga. Anthu akamachoka chifukwa cha positi yowakhumudwitsa sachoka onse ola limodzi ngati asilikali, amachoka pang'onopang'ono, tsiku loyamba ambiri, lachiwiri ocheperapo, ndipo amachoka akulankhula, mumakomenti mumatentha. Positi yomaliza ya amayiwa inali ya madiresi a chitenje, pansi pake anthu akungofunsa mtengo ndi saizi. Palibe amene anatukwana.

Chimene chinathetsa nkhani ndi mayina, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa chifukwa amasunga manambala okha. API siyikupatsa mndandanda wa mafolowa ako, imangopereka chiwerengero, ndipo timaapu tija tomwe timati tikuonetsa amene wakusiya timafuna pasiwedi yako, ine kasitomala wanga sindimulola kuyandikira zimenezo chifukwa ndi njira yachidule yotsekera kapena kubetsa akaunti. Njira yoyera ndi yopempha deta yako kwa Instagram komweko, mu Accounts Center muli malo otsitsira zinthu zako, umasankha mafolowa okha, fomati JSON, ndipo nthawi usankhe `All time`. Ukaiwala chomalizachi amakupatsa a nthawi yochepa chabe ndipo udzaganiza kuti anthu masauzande athawa. Mu zipi imene imabwera muli fayilo ya `followers_1.json`, peji ikakhala yaikulu pamakhalanso ina yachiwiri ndi yachitatu, ndipo dzina lililonse lili ndi nthawi yomwe munthuyo anayamba kukutsatira. Ine ndimakakamiza makasitomala kuti pa 1 mwezi uliwonse tizitsitsa fayilo imeneyi, amadandaula za bandulo koma ndi yaing'ono, siyifika ngakhale pa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp.

Fayilo ya pa 1 inali ndi mayina 18,290, ya Lachitatu madzulo 16,255. Nditaziyerekeza, mayina 2,240 anali mu yakale koma mu yatsopano mulibe, ndipo 205 anali atsopano. Musadabwe kuti 2,240 siyikufanana ndi 2,161, pakati pa mafayilo awiriwa panali masabata awiri ndipo munthu wongosintha dzina la akaunti yake amaoneka ngati wachoka n'kubwera mlendo. Chinthu choyamba chomwe izi zinanditsimikizira ndi chakuti si kauntala yokha yomwe inasokonekera. Pakakhala vuto longowerenga molakwika, nambala ya pamwamba pa peji imatsika koma mayina mu fayilo amakhala ali phee, onse alipo. Apa mayina enieniwo anali atachoka.

Kenako ndinasanja mayina 2,240 aja potengera tsiku lomwe anayamba kutsatira peji, ndipo apa ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndili bwino. Mayina 1,987 analowa m'masiku anayi okha a mwezi wa Malichi chaka cha dzana, ine ndisanayambe kugwira nawo ntchito. Peji yomwe pa tsiku labwino imapeza anthu 25 inapeza oposa 500 pa tsiku, masiku anayi otsatizana, ambiri akulowa 2 koloko kapena 3 koloko usiku, khumi pa mphindi imodzi. Mayina ake nawonso, zilembo zosawerengeka zotsatana ndi manambala asanu ndi limodzi, palibe Banda, palibe Phiri, palibe ngakhale mmodzi yemwe ungati uyu angakwere minibasi kupita ku Limbe kukayesa diresi. Ndinatenga 40 mwachisawawa pa gulu limeneli n'kuwatsegula mmodzimmodzi pa bulawuza, 38 anandipatsa uthenga uja wa `Sorry, this page isn't available.`, awiri otsalawo analipo koma opanda chithunzi, opanda positi, aliyense akutsatira anthu oposa 7,000. Azungu amawatcha maboti, ine dzinali limandiseketsa chifukwa ndimaganiza za ku Nkhata Bay.

Otsala 253 aja anali omwazika pa zaka zonse za pejiyo. Ndinatenganso 40, ndipo 27 kunalibe, 13 analipo ali moyo ndithu, atsikana a ku Blantyre konkuno okhala ndi zithunzi za ukwati ndi za ku nyanja, amenewa anangotopa nayo peji monga zimakhalira. Ndiye usiku umodzi womwewo unali ndi zinthu zitatu mkati mwake, gulu lalikulu logulidwa, timaakaunti ta sipamu tomwe timatsatira aliyense tokha ngakhale sunatiitane, ndi anthu ochepa enieni.

Wina anganene kuti nanga Loweruka umadikiriranji, si nkhani yatha apa? Chomwe chimandidikiritsa ndi zomwe zinachitika pa 31 Okutobala 2022. Tsiku limenelo Instagram inauza anthu ambirimbiri enieni kuti maakaunti awo ayimitsidwa, chonsecho linali vuto la makina, ndipo poti akaunti yoyimitsidwa siyiwerengedwa, manambala a mafolowa a anthu ena anagwa. Tangoganizani mutapanga mayeso anga onsewa tsiku limenelo. Yankho la seva ndi loyera, mapeji ambiri atsika limodzi, mukatsegula maakaunti osowawo simukuwapeza, zonse zikuloza kusesa, koma anali anthu amoyo ndipo vutolo litakonzedwa anabwerera. Uthenga woti peji palibe sunena kuti akauntiyo inali yabodza, umabweranso munthu akatseka akaunti yake kwa kanthawi, akasintha dzina, ngakhale akakubuloka. Chomwe chinandipatsa mphamvu pa nkhani ya ku Limbe si kusowa kwa maakauntiwo kokha koma kuunjikana kwawo pa masiku anayi aja, vuto la makina silisankha anthu potengera kuti analowa sabata iti ya Malichi. Komabe masiku atatu ndi otchipa poyerekeza ndi kuuza mayi wamkulu kuti munagula mafolowa kenako Lachisanu onse n'kubwerera. Sikiripiti yanga alamu ikalira imayamba kuwerenga pejiyo maola atatu aliwonse kwa maola 72, kuti ngati gilafu ikwerenso ndione kuti yakwera nthawi yanji.

Siyinakwere. Lachinayi 16,258, Lachisanu 16,270, Loweruka 16,277, kubwerera ku kayendedwe kake ka anthu 9 kapena 10 pa tsiku, kungoti pa sitepe yotsika. Panthawiyi ndinali ndaonanso mboni yomaliza yomwe kwa ine ndi yofunika kwambiri kwa munthu wa bizinesi. Mapositi awo asanagwe ankafika kwa anthu 2,000 mpaka 2,600, malayiki cha m'ma 150. Anapositi Lachinayi masiketi atsopano, anafika kwa anthu 2,400 ndi kanthu, malayiki 160, mafunso a mtengo mu inibokisi monga mwa masiku onse. Peji itataya munthu mmodzi pa anthu asanu ndi anayi alionse enieni, zimenezi zikanaoneka penapake. Apa sipanasinthe kanthu chifukwa amene anachokawo sanayambe aonapo diresi ngakhale imodzi.

Kanthu kena kakang'ono komwe ndinatsala pang'ono kuiwala, alamu ija imafuna kuyisamalira pambuyo pa zoterezi. Tsiku la kugwalo ndimalilemba chizindikiro mu shiti kuti kusesa, ndi tsiku lake, kuti lipoti la mwezi lisamaoneke ngati ntchito yanga yathamangitsa anthu 2,000, ndipo gilafu ya kakulidwe ndimayambira pa sitepe yatsopanoyo. Komanso lamulo ili silingagwire chimodzimodzi paliponse. Pa YouTube kuyambira 2019 nambala ya masabusikiraiba imene API imapereka ndi yoduliradulira, manambala atatu oyambirira okha ndi amene ali enieni, ndiye tchanelo ya 18,400 imayenda ma 100 ma 100, munthu mmodzi akachoka pamalire umaona ngati achoka 100. Kumeneko mzere wapansi ndinaukweza kufika masitepe awiri, apo ayi foni imalira zopanda pake.

Loweruka ndinapita ndekha ku shopu, nkhani ngati iyi siyoyenera pa foni. Ndinawaonetsa gilafu ya masiku olowera ija, pansi ponse pali fulati kenako nsanamira zinayi zitaima ngati mitengo ya bulugamu, ndinati madamu, Malichi wa chaka cha dzana peji imeneyi ankayendetsa ndani? Anakhala chete akupinda diresi, kenako anati mwana wa achemwali awo, ankaphunzira ku koleji nthawi imeneyo, ndipo anawapempha ndalama ya "kubusita peji". Iwo ankaganiza kuti ndi malonda aja olipira ku Facebook, ndipo ataona nambala yakwera anamuwonjezera ya sopo. Ndinawafotokozera kuti kubusita kwenikweni kumasiya risiti ndi mbiri mu akaunti ya malonda, tinatsegula limodzi, mwezi umenewo munalibe kalikonse.

Ndinawachenjezanso kuti gulu la Malichi lija silinathe, mu fayilo yatsopano munatsala mayina ena pafupifupi 600 olowa masiku anayi omwewo, ndiye tsiku lina alamu idzaliranso ndipo ulendo uno mndandanda wawo ndausunga kale, ikadzalira ndidzangoyerekeza mphindi zisanu. Anandifunsa ngati sitingangogula ena 2,000 kuti nambala ibwerere pa 18, poti kampani ina ya mafuta odzola inali itawafunsa zotsatsa pa peji yawo ndipo anali atanena kale 18,000. Ndinati ayi madamu, tiwatumizire sikirinishoti ya anthu omwe mapositi amafikira, ndi ya mizinda yomwe mafolowa anu ali, poti tsopano Blantyre ndi Lilongwe zikuoneka bwino pamwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga foni n'kuyamba kufufuza nambala ya mwana wa achemwali awo uja, ine ndinatsanzika asanayankhe.